Mphunzitsi Uja Sanalakwe Pofufuta Ziro Amene Analemba

M'masabata apitawa, aphunzitsi a masamu kuno ku Mangochi akhala akutsutsana kwambiri chifukwa cha nkhani yaifupi imene yakhala ikuyenda m'manja mwawo, ndipo mkanganowo wafika ngakhale kwa makolo ena amene ana awo akukonzekera mayeso a MSCE. Nkhaniyi ndi yopeka, koma funso limene ikudzutsa ndi lenileni: kodi wophunzira akapeza yankho lolondola kudzera m'njira imene sanaphunzitsidwe m'kalasi, ndiponso imene mulibe pa pepala la mayankho lomwe wochonga akutsatira, ayenera kupatsidwa malikisi onse? Ine ndaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri m'sukulu za sekondale zoyendera, ndipo maganizo anga ndi akuti mphunzitsi wa m'nkhaniyi anachita bwino popereka malikisi onse. Komabe ndikufuna kunenetsa msanga kuti sanachite bwino chifukwa cha chifundo, kapena chifukwa choti yankho lomaliza linafanana ndi lake. Anachita bwino chifukwa anagwira ntchito yotsimikiza kuti njirayo ndi yoona nthawi zonse, ndipo ntchito imeneyo ndi imene anthu a mbali zonse ziwiri za mkanganowu akuidumpha.

Kwa amene sanaiwerenge, nkhaniyi imayenda motere. Ndi usiku wa mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha monga mmene kumatenthera m'mbali mwa mtsinje wa Shire nyengo imeneyi, magetsi azima, ndipo mayi wina wophunzitsa Fomu 3 akuchonga mapepala 85 pa kuwala kwa kanyali ka sola. Funso lachisanu likuti: mlimi watchinga dimba lake la ngodya zinayi ndi mpanda wa bango wotalika mamita 40, ndipo kukula kwa dimbalo ndi masikweya mita 91, pezani mulitali ndi mulifupi mwake. Pepala la mayankho likufuna kuti wophunzira atenge theka la 40, lomwe ndi 20, atchule mbali imodzi x ndipo inayo 20 − x, alembe x(20 − x) = 91, akonze kukhala x² − 20x + 91 = 0, kenako aphwanye kukhala (x − 7)(x − 13) = 0 ndi kupeza 7 ndi 13. Malikisi ndi asanu ndi amodzi, ogawidwa pa masitepe amenewa. Pa pepala la mtsikana wina mulibe x ngakhale mmodzi. Iye walemba mizere inayi yokha: kuti dimbalo likanakhala lofanana mbali zonse likanakhala 10 ndi 10, kukula kwake 100, kuti 100 kuchotsa 91 ndi 9, kuti 9 ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, ndi kuti mbali zake ndi 10 kuphatikiza 3, ndi 10 kuchotsa 3, ndiye kuti mamita 13 ndi mamita 7. Mphunzitsiyo, atatopa, akulemba ziro pa njira, poganiza kuti mwanayo waonera yankho kwa mnzake ndipo wangopeka manambala oti afikire pamenepo. Akutenga pepala lotsatira, koma mtima sukumulola. Akubwerera, akutenga kapepala kapadera, akuyesa njirayo ndi manambala ena, ndipo nkhaniyi ikuthera pamene akufufuta ziro uja ndi kulemba 6.

Tisanafike pa zimene otsutsa akunena, tiyenera kumvetsa chifukwa chimene njira ya mtsikanayu ili yolondola, pakuti sitingaweruze mlandu umene sitinaumve. Tangoganizani dimba lofanana mbali zonse, mamita 10 uku ndi 10 uku. Mukufuna kulisandutsa lalitali popanda kusintha kutalika kwa mpanda, choncho chilichonse chimene mwachotsa ku mulifupi muyenera kuchiwonjezera ku mulitali. Mukadula chidutswa cha mamita 3 m'mbali imodzi, mwachotsa malo a 3 kuchulukitsa ndi 10, omwe ndi 30, ndipo mwatsala ndi dimba la 10 ndi 7. Tsopano mukalitalikitsa ndi mamita 3 kumapeto, malo amene mwawonjezera ndi 3 kuchulukitsa ndi 7, omwe ndi 21 okha. Mwachotsa 30, mwabweza 21, ndiye kuti mwataya 9, ndipo 9 ameneyu ndi kangodya kakang'ono ka mamita 3 uku ndi 3 uku komwe kalibe pokhala m'dimba latsopanolo. Zimenezi sizidalira nambala 3. Mukadula mamita 2 mutaya kangodya ka 2 ndi 2, mukadula mamita 5 mutaya ka 5 ndi 5. M'chilankhulo cha aljebra, tikatchula mamita odulidwawo d, timalemba kuti (10 + d)(10 − d) = 100 − d², ndipo wophunzira aliyense wa sekondale anakumanapo ndi mfundo imeneyi pa mutu wa kusiyana kwa masikweya awiri. Choncho pamene mtsikanayu anaona kuti pakusowa 9, nafunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereka 9, sanali kulota. Anali kufunafuna mbali ya kangodya kotayika kaja, ndipo sitepe iliyonse mwa zinayi zimene analemba ili ndi chifukwa chake.

Ndiyeneranso kunena kuti njirayi ndi yachilendo kwa ife okha, osati kwa masamu. Alembi a ku Babulo, pa mapale adothi amene analemba zaka za m'ma 1800 Yesu asanabadwe, ankathetsa mafunso a mtundu womwewu, a munda umene mukudziwa kukula kwake ndi kuphatikiza kwa mbali zake, potenga theka la kuphatikizako, kulichulukitsa ndi ilo lomwe, kuchotsa kukula kwa munda, ndi kupeza sikweya ruti ya chotsalacho. Diophantus wa ku Alexandria, amene anakhalako cha m'ma 250, anafunsa za manambala awiri amene akaphatikizidwa apereka 20 ndipo akachulukitsidwa apereka 96, ndipo anayambira pa 10, pakati penipeni, monga anachitira mtsikana wathuyu. Ngakhale posachedwapa, mu 2019, katswiri wa masamu wa ku America, Po-Shen Loh, anafalitsa njira yomweyi ngati yosavuta kuphunzitsira ana. Fomula yaitali ija imene timauza ana kuti ailoweze pamtima ndi masitepe omwewa atamangidwa pamodzi mu mzere umodzi. Ndiye wochonga amene angalembe ziro pa pepala la mtsikanayu akukana muzu wa chinthu chimene iye mwini amaphunzitsa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, ndipo ndi yolemera, ndi yakuti yankho lolondola silitsimikiza njira yolondola. Iwo akuti mphunzitsi amene amapereka malikisi pa njira iliyonse yachilendo, bola yafika pa yankho, adzapereka mphoto kwa ana amwayi ndi kwa oonera. Pamenepa ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo ndingawonjezere zitsanzo zowathandiza. Mwana akapatsidwa 16/64 kuti aichepetse, nafufuta 6 wa pamwamba ndi 6 wa pansi, amapeza 1/4, lomwe ndi yankho loona, ngakhale kuti zimene wachitazo ndi zolakwika kotheratu. Ayese pa 12/24 ndipo apeza 1/4 m'malo mwa 1/2. Chitsanzo china chili pafupi kwambiri ndi nkhani yathu. Funso lija likanati kukula kwa dimba ndi 96, monga mwa Diophantus, posowa pakanakhala 4, ndipo mwana akanalemba 2 ndi kupeza 12 ndi 8. Koma 2 ameneyo wamupeza bwanji? Theka la 4 ndi 2, ndipo sikweya ruti ya 4 ndi 2 yemweyo. Mwana amene anangogawa pakati, poganiza kuti chosowacho chigawidwe ku mbali ziwiri, ali ndi maganizo olakwika, koma pepala lake lingafanane ndendende ndi la mwana amene wamvetsa. Pa manambala amenewo wochonga sangadziwe zoona popanda kufunsa mwiniwake. Koma taonani kuti wolemba nkhaniyi anasankha 91, osati 96. Posowa ndi 9, theka lake ndi 4.5, pamene mtsikanayu analemba 3, nalembanso momveka kuti 9 ndi 3 kuchulukitsa ndi 3. Umboni woti akudziwa chimene akuchita uli papepala pomwepo.

Choncho mfundo ya otsutsayi siikugwetsa zimene mphunzitsi uja anachita. Ikungotiuza chimene anayenera kuchita asanapereke malikisi, ndipo m'nkhaniyi anachichita. Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhaniyi inalembedwa ndi munthu wodziwa ntchito. Mayiyo sanangoyang'ana 13 ndi 7 nakhutira. Choyamba anasintha manambala: anatenga mpanda womwewo wa mamita 40 ndi kukula kwa 75, posowa 25, ruti yake 5, mbali 15 ndi 5, ndipo 15 kuchulukitsa ndi 5 ndi 75 ndithu. Chachiwiri anayesa nambala yosagawika bwino, 95, pamene njira yophwanya imalephera chifukwa palibe manambala athunthu awiri amene angapereke 20 ndi 95. Njira ya mtsikanayo inapereka 10 kuphatikiza ruti ya 5 ndi 10 kuchotsa ruti ya 5, pafupifupi 12.24 ndi 7.76, zofanana ndi zimene fomula imapereka. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimatseka mlandu, analemba d m'malo mwa nambala, naona kuti mfundoyo ndi yoona pa nambala iliyonse. Zitsanzo ziwiri kapena zitatu zimangochepetsa chikaiko, koma mzere umodzi wa aljebra uja ndi umene umachotsa chikaiko chonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiyu anadekha mpaka anaona. Wochonga amene wachita masitepe atatu amenewa sangapusitsidwe ndi 16/64, chifukwa chinyengo chimenecho chimagwa pa sitepe yoyamba yomwe.

Pa za kuonera, ndinganene mwachidule kuti mwana woonera amakopera zimene anzake alemba, ndipo anzake 84 analemba x. Njira imene palibe wina aliyense m'kalasi anaigwiritsa ntchito ndi umboni wamphamvu woti mwanayo anaganiza yekha kuposa njira ya m'buku yolembedwa mosalakwitsa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti funsoli linaikidwa kuti liyese ngati ana aphunzira kupanga ikwezhoni ya x² ndi kuithetsa, ndipo mtsikanayu sanaonetse luso limenelo. Otsutsa akuti mayeso a kumapeto kwa temu ali ndi cholinga, ndipo wophunzira amene wazemba mutu umene ukuyesedwa sayenera kulandira malikisi a mutuwo, monga momwe woyesedwa kupalasa bwato sangapambane chifukwa wawoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi. Fanizoli ndi labwino, koma likugwira ntchito pokhapokha ngati woyesedwayo anauzidwa kuti awoloke pa bwato. Mafunso a masamu ali mitundu iwiri. Ena amatchula njira, monga akati thetsani pogwiritsa ntchito fomula, kapena thetsani pojambula girafu, ndipo pa mafunso otero mwana amene watsata njira ina ayenera kutaya malikisi a njira, ngakhale yankho lake likhale loona. Pamenepo sinditsutsa konse. Ena amangoti pezani, ndipo funso la dimba ndi la mtundu umenewu. Wolemba funso akanafuna x, akanalemba kuti tchulani mulifupi x ndipo pangani ikwezhoni, monga timachitira nthawi zambiri pogawa funso m'zigawo. Popeza sanatero, pangano lake ndi wophunzira ndi mawu amene ali papepala, osati maganizo amene anatsala m'mutu mwake. Kulanga mwana chifukwa sanatsate lamulo limene silinalembedwe ndi kumusenzetsa cholakwa cha wolemba funso. Mphunzitsi amene wazindikira kuti funso lake silinayese chimene amafuna, akonze funsolo temu ya mawa, koma asachotse malikisi lero.

Mfundo yachitatu ndi imene makolo ambiri akuikonda, ndipo ndikuimvetsa chifukwa imachokera m'chikondi. Iwo akuti kutsogolo kuli mayeso a bungwe la MANEB, kumene pepala la mwana lidzachongedwa ndi munthu wosamudziwa, amene ali ndi mulu wa mapepala ndi pepala la mayankho patsogolo pake. Ngati mphunzitsi wa Fomu 3 amuzoloweza mwanayu kuti njira zake zapadera zimalandiridwa, akuti, adzagwa nazo pa MSCE, ndipo malikisi ochepa omwewo angamutsekere khomo la ku yunivesite. Choyamba ndiyankhe kuti ochonga mayeso a dziko lonse sachonga aliyense payekha kunyumba kwake. Amasonkhanitsidwa, amayamba amvana za pepala la mayankho, ndipo ali ndi akuluakulu owayang'anira amene angafunsidwe pakapezeka yankho lachilendo. Pepala la mayankho limalembedwa kuti ochonga ambiri apereke malikisi mofanana, osati kuti lilengeze kuti masamu ali ndi njira imodzi. Komabe sindikana kuti wochonga wotopa angathe kudutsa mizere inayi ya mtsikanayu osaimvetsa, monga mmene mayi wa m'nkhaniyi anachitira poyamba. Ngozi imeneyi ilipo. Funso ndi lakuti mankhwala ake ndi chiyani, ndipo ine ndikuti si ziro. Ziro amauza mwana kuti maganizo ake ndi olakwika, zomwe si zoona, ndipo mphunzitsi sayenera kunena zabodza za masamu ngakhale ndi cholinga chabwino. Mankhwala ndi kulemba 6, ndi kuwonjezera m'mphepete mwa pepala kuti: njira yako ndi yolondola, koma pa mayeso lemba kuti mbali zake ndi 10 + d ndi 10 − d, kenako (10 + d)(10 − d) = 91, kuti wochonga aliyense aione msanga. Mizere iwiri imeneyi imasandutsa maganizo a mtsikanayu kukhala yankho limene palibe wochonga angalikane, popeza tsopano muli ikwezhoni, muli kuithetsa, muli ndi yankho.

Pali chinthu china chokhudza kuno kwathu chimene chimandichititsa kuumirira pamenepa. Ana ambiri a m'boma lino, kuchokera ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Malindi, amalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pabwalo la sukulu, ndipo masamu a sekondale amawaphunzira m'Chingerezi. Mwana wotere nthawi zambiri amamvetsa kwambiri kuposa mmene angalembere. Amene anakulira pothandiza kuyeza thandala loyanikira usipa, kapena kumanga mpanda wa dimba ndi bango lowerengeka, amadziwa m'maso mwake kuti pa malo a ngodya zinayi, ofanana mbali zonse ndi amene amakula kwambiri pa mpanda womwewo, ngakhale sangathe kunena zimenezi m'chiganizo cha Chingerezi. Pepala lake limakhala ndi manambala ochuluka ndi mawu ochepa, ndipo kwa wochonga wofulumira limaoneka ngati la munthu wongolota. Tikazolowera kuweruza njira poona ngati ikufanana ndi ya m'buku, ana amenewa ndi amene adzalangidwa koyamba, osati chifukwa chosadziwa masamu koma chifukwa chosowa mawu.

Mfundo yachinayi ikuchokera kwa aphunzitsi anzanga, ndipo ndi imene ndimaimva m'mafupa. Akuti nkhaniyi ndi yokoma kuiwerenga koma siidziwa moyo wathu. Mapepala 85, mukapatsa lililonse mphindi zitatu zokha, ndi maola anayi ndi mphindi 15, ndipo amenewo ndi a kalasi imodzi, pamene mphunzitsi wa masamu pa sukulu yoyendera amakhala ndi makalasi angapo, malipoti akudikira, ndipo m'mawa ayenera kuima kutsogolo kwa ana. Akufunsa kuti nthawi yofufuza njira iliyonse yachilendo aitenga kuti. Sindingawauze kuti ntchitoyi ndi yopepuka, chifukwa ndakhalapo pa tebulo limenelo. Koma ndikuwapempha kuti awerengere bwino. Pa zimene ndaona m'zaka zanga zochonga, mapepala ambiri amagwa m'magulu awiri osavuta: otsata njira ya m'buku, molondola kapena molakwitsa, ndi opanda njira iliyonse. Pepala lokhala ndi yankho loona, masitepe olembedwa, koma osafanana ndi a pa pepala la mayankho, silipezeka kawirikawiri, ndipo zizindikiro zitatu zimenezi zikakumana ndi pamene wochonga ayenera kuima. Kuyesa njira ndi manambala ena awiri sikudya mphindi zoposa khumi. Ndipo ngati maso akana ndithu, pali njira yachitatu pakati pa ziro ndi 6: kuika kachizindikiro, kupatula pepalalo, ndi kuliona m'mawa, kapena kulionetsa mnzako m'chipinda cha aphunzitsi, kapena kuitana mwanayo kuti afotokoze yekha. Chimene kutopa sikungatiloleze ndi kulemba ziro pa chinthu chimene sitinachimvetse, pakuti ziro ameneyo amanena kuti ndaona ndipo ndi zolakwika, pamene zoona zake n'zakuti sindinaone.

Pali ena amene akudandaula za ulemu, akuti nkhani yotere imaphunzitsa ana kuti amadziwa kuposa aphunzitsi awo, ndipo mawa aliyense adzabwera ndi njira yake nakana kuphunzira ya m'buku. Ine ndikuona mosiyana. M'nkhaniyi amene akuonetsa ukatswiri waukulu ndi mphunzitsi, chifukwa mtsikanayo anapeza njira pa funso limodzi, koma ndi mayiyo amene anatsimikiza kuti njirayo ndi yoona pa mafunso onse a mtundu umenewo, ndipo ntchito yachiwiriyi ndi yakuya kuposa yoyamba. Kalasi imene yaona mphunzitsi wake akuyesa njira ya mnzawo pa bolodi, naipeza yoona, imaphunziranso kuti njira yabodza idzayesedwa chimodzimodzi ndipo idzagwa. Mwana wofufuta ma 6 uja sangadzanene kuti mwakondera, chifukwa waona muyezo umene aliyense akuyezedwa nawo.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi amene akuikonda nkhaniyi ndi apa: iwo akuiwerenga ngati kuti 6 uja ndi mapeto a zonse, ndipo ena afika ponena kuti njira za m'buku n'zosafunika. Kumeneko n'kulakwitsa, ndipo ndikanakonda wolembayo akanationetsa m'mawa mwake. Njira ya mtsikanayu, mmene anailembera, ili ndi malire. Imayenda bwino pamene funso likupereka poyera kuphatikiza ndi kuchulukitsa kwa manambala awiri, monga dimba lija. Akakumana ndi 2x² − 7x + 3 = 0, palibe dimba looneka, ndipo akangotenga theka la 7 adzasochera. Ayenera kudziwa kuti choyamba agawe zonse ndi 2, kuti kuphatikiza kukhale 3.5 ndipo kuchulukitsa kukhale 1.5, kenako theka la 3.5 ndi 1.75, sikweya yake ndi 3.0625, kuchotsa 1.5 kutsala 1.5625, ruti yake ndi 1.25, ndipo mayankho ndi 3 ndi 0.5. Njirayo ikugwirabe ntchito, koma kuti afike pamenepo akufunika x yemwe uja anamuzemba, komanso kudziwa kusamalira zizindikiro za kuchotsa. Choncho malikisi onse pa funso lachisanu sakutanthauza kuti mtsikanayu wamaliza mutuwo. Akutanthauza kuti funso lachisanu analiyankha molondola, ndipo mphunzitsi tsopano akudziwa poyambira naye.

Ndikanakhala ine m'malo mwa mayi uja, m'mawa mwake ndikanamuitana mtsikanayo ku bolodi, osati kuti ndimuyese ngati wakuba, koma kuti kalasi yonse ione. Ndikanamupatsa mpanda womwewo wa mamita 40 ndi kukula kwa 96, ndi kumufunsa kuti 2 wamupeza bwanji, kuti anzake amve kusiyana kwa theka ndi ruti. Kenako ndikanamupatsa 95, kuti kalasi ione kuti njira yake siopa manambala osagawika. Pomaliza ndikanalemba 104 ndi kufunsa kalasi yonse. Amene amatsata fomula adzayamba kuwerengera mpaka adzakumane ndi nambala yochepera ziro pansi pa ruti, ndipo ambiri adzaganiza kuti alakwitsa penapake nayambanso. Mtsikanayu adzaona pa mzere woyamba kuti 104 yaposa 100, ndi kuti palibe mlimi angatchinge malo otero ndi bango la mamita 40 m'dimba la ngodya zinayi, popeza lofanana mbali zonse ndi lalikulu kuposa onse. Pamenepo ndikanalemba b² − 4ac, chigawo cha fomula chimene chimakhala pansi pa ruti, pambali pa 100 − 104, ndi kuwaonetsa kuti 400 kuchotsa 416 ndi −16, yemwe ndi −4 wa mtsikanayu atachulukitsidwa kanayi.